Mmene mungagwirizanitsire milomo ndi mawu pa vidiyo yosinthidwa nkhope

Pulogalamu yosintha nkhope pa vidiyo siimva mawu ngakhale pang'ono. Imatenga vidiyo n'kuigawa m'zithunzi zambirimbiri, zimene pa ntchitoyi timati mafulemu, ndipo pa fulemu iliyonse imaikapo nkhope yatsopano potengera mmene pakamwa pa munthu wojambulidwayo panalili. Ikamaliza imalumikizanso mafulemuwo n'kubwezerapo mawu. Ndiye milomo ndi mawu zikasemphana, vuto limakhala limodzi mwa atatu awa: mawu onse atsogola kapena atsalira mofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto, kapena zinayamba bwino koma zikunka zitalikirana, kapenanso nthawi ili bwino koma pakamwa pakuoneka kuti pakutchula zina. Lililonse lili ndi mankhwala ake. Ambiri amathamangira ku pulogalamu yopanga milomo yatsopano asanadziwe kuti vuto lawo ndi liti, mapeto ake amawononga nkhope yomwe inali bwinobwino.

Tiyerekeze kuti gulu la zisudzo la pa Dedza likujambula sewero la mphindi zinayi lonena za malonda a mbatatesi. Mnyamata amene amasewera ngati bambo wa pakhomo wapita ku Joni gawo lomaliza lisanajambulidwe. Wavomera kuti atumiza mawu, mphwake aima pa kamera, ndipo nkhope yake idzaikidwa pa thupi la mphwakeyo. Chilolezo chotere chikhale cholemba, cha onse awiri, chotchula sewero ndi kumene lidzaonetsedwe, ndipo pa vidiyopo palembedwe kuti nkhope inasinthidwa. Kuika nkhope kapena mawu a munthu amene sanavomere ndi kumunamizira, ndipo malangizowa si a ntchito imeneyo.

1. Yambani ndi mawu, kamera ibwere pambuyo

Ngati simunajambule, apa ndi pamene mungadzipulumutse ku ntchito yambiri. Mwini mawu ajambule ali m'chipinda chokhala ndi makatani kapena zofunda, foni ili pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa komanso cha pambali pang'ono, kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamawombe mayikolofoni. Asatumize ngati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, chifukwa umafinyidwa ndipo timaphokoso tating'ono timene mudzayezere timafufutika. Atumize fayilo yeniyeniyo kudzera pa Document. Mukailandira isandutseni WAV ya 48000 Hz, womwe ndi muyezo wa mawu a mavidiyo, ndipo musaisandutsenso mtundu wina.

Kumayambiriro kwa fayiloyo ikani kuwomba m'manja katatu kotalikirana sekondi imodzi. Wolowa m'malo uja amvetsere mawuwo mpaka atawaloweza pamodzi ndi popumira pake. Pojambula, mawuwo azimveka pa sipika ndipo iye azilankhula nawo limodzi mokweza. Asamangogwedeza milomo. Munthu wongogwedeza milomo nsagwada yake siitsika mokwanira, khosi siligwedezeka, ndipo amatsalira chifukwa amadikira kaye kumva liwu. Jambulani chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa ulendo umodzi, osati mphindi zinayi zonse.

Kuwala kukhale kokwanira. Pamdima foni imachedwa kutseka chithunzi chilichonse, milomo imatuluka yachimbuuzi, ndipo pulogalamu yosintha nkhope imangoganizira mmene pakamwa palili. Nkhope ipenye kamera kapena ipotoloke pang'ono chabe, dzanja kapena kapu zisadutse pakamwa. Phokoso la malole a pa msewu wa M1 kapena mphepo ya mu Julayi zisakudetseni nkhawa, pakuti mawu a pa kamera ndi oyezera chabe, mudzawataya.

2. Khazikitsani liwiro la mafulemu musanasinthe nkhope

Mafoni ambiri sajambula pa liwiro lokhazikika. Foni imalemba kuti mafulemu 30 pa sekondi, koma kukada kapena ikatentha imatsika n'kudzakweranso. Foniyo payokha imaonetsa bwino chifukwa fulemu iliyonse ili ndi nthawi yake yolembedwa. Pulogalamu imene imagawa vidiyo m'zithunzi ikhoza kutaya nthawi zimenezo n'kudzalumikiza zithunzizo motalikirana mofanana, pamene mawu akadali pa nthawi yawo yakale. Apa ndi pamene pamachokera kutalikirana.

Yezani fayilo yanu ndi ffprobe, pulogalamu yoyezera mavidiyo ya pa kompyuta imene imabwera pamodzi ndi ffmpeg yowakonzera, polemba lamulo ili:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -count_frames -show_entries stream=r_frame_rate,avg_frame_rate,nb_read_frames foni.mp4
```

Ngati r_frame_rate ndi avg_frame_rate zasiyana, mwina liwiro silokhazikika. Likhazikitseni motere:

```
ffmpeg -i foni.mp4 -vf fps=30 -c:v libx264 -crf 16 -ar 48000 yokonzeka.mp4
```

Fayilo yatsopanoyi ndi imene mulowetse mu pulogalamu yosintha nkhope, ndipo muiuze kuti itulutse pa liwiro lomwelo. Ngati foni yanu imalola kusankha 25, jambulani pa 25 kuyambira pachiyambi, chifukwa magetsi a kuno ndi a 50 Hz ndipo mababu saphethira kwambiri pa liwiro limeneli. Koma vidiyo yojambulidwa kale pa 30 musaitsitsire pa 25. Mukatero mumataya fulemu imodzi pa 6 alionse, ndipo yotayikayo ikhoza kukhala yomwe milomo inatsekeka. Nkhope ikasinthidwa, yezaninso nb_read_frames. Chiwerengero cha mafulemu otuluka chifanane ndendende ndi cha olowa.

3. Yezani ndi m, b ndi p

Chichewa chimatithandiza pano. Malo odalirika poyezera ndi pamene milomo iwiri imakumana, ndipo zimenezi zimachitika pa m, b, p, ph, mb, mp, bw, mw ndi pw, zomwe m'chilankhulo chathu zili ponseponse. Tengani chiganizo ichi cha m'sewero lija: "Bambo a Mphatso, mbatatesi za ku Bembeke zafika pa Lizulu." Milomo imatsekeka ka 7: pa Ba, mbo, Mpha, mba, Be, mbe ndi pa. Pa "fi" mlomo wam'munsi umakhudza mano akumtunda. Pa mbo, tso, ku, zu ndi lu milomo imazungulira n'kutuluka kutsogolo. Zilembo ngati k, t, s ndi z musayezere, chifukwa zimapangikira m'kati mwa kamwa ndipo kunja sizioneka bwino.

Tsegulani vidiyo ndi mawu mu pulogalamu yodulira mavidiyo, monga Shotcut, Kdenlive kapena DaVinci Resolve, ndipo kulitsani mzere wa mawu mpaka fulemu iliyonse izioneka payokha. Yang'anani liwu lakuti "pa". Pa mzere wa mawu mudzaona kampata kopanda phokoso, kenako kansonga kotuluka mwadzidzidzi. Kampatako ndi nthawi imene milomo ili yotseka, ndipo kansongako ndi pamene yatseguka. Pa "mb" kampatako sikakhala chete, kamakhala kamzere kakang'ono kong'ung'udza chifukwa mpweya ukutulukira m'mphuno. Tsono fulemu yomaliza ya milomo yotseka iyenera kugwera kansonga kasanafike, ndipo fulemu yoyamba ya milomo yotseguka igwere pa kansongapo. Cholakwa chofala ndi kuika fulemu ya milomo yotseka pamwamba pa kansonga penipeni. Mukatero mawu amatsogola ndi fulemu imodzi kapena awiri.

Kutsogola kwa mawu ndi kumene kumaonekera msanga. Bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi mawailesi padziko lonse, linalemba mu 1998 kuti anthu amayamba kuzindikira mawu akatsogola ndi mamilisekondi pafupifupi 45, pamene akatsalira amazindikira pa 125. Chifukwa chake n'chodziwika: mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye tinazolowera kuona munthu wodula nkhuni patali nkhwangwa itafika kale pamtengo, phokoso n'kubwera pambuyo. Kumva phokoso nkhwangwa isanatsike sitinakuonepo. Fulemu imodzi pa liwiro la 30 ndi mamilisekondi 33, pa 25 ndi 40. Choncho mawu otsogola ndi mafulemu awiri alakwika kale, pamene otsalira ndi fulemu imodzi palibe angawadziwe. Mukakayika pakati pa mafulemu awiri, sankhani yoti mawu atsalire.

Yezani malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto, ndipo paliponse lembani kuti mawu atsogola kapena atsalira ndi mafulemu angati. Poyeza gwiritsani ntchito mahedifoni a waya kapena sipika ya kompyuta. A Bluetooth amachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi opitirira 100, ndiye mukakonza muli nawo m'makutu, vidiyo idzatuluka mawu ali patsogolo kwa wina aliyense.

4. Konzani kusiyana kwa nthawi

Tinene kuti a gulu lija anasintha nkhope asanawerenge gawo lachiwiri, ndipo ayeza n'kupeza izi: koyambirira mawu atsogola ndi mafulemu 4, pa mphindi yachiwiri ndi 7 kapena 8, kumapeto kwa mphindi yachinayi ndi 11. Apa pali mavuto awiri osiyana. Mafulemu 4 oyambawo ndi kusiyana kokhazikika, mamilisekondi 133. Enawo 7 awonjezeka pang'onopang'ono, ndipo muyezo wapakati uli pakatikati penipeni pa 4 ndi 11, kusonyeza kuti kuwonjezekako kukuyenda mofanana.

Mafulemu 7 ndi pafupifupi masekondi 0.24. Gawani 0.24 ndi masekondi 240 a vidiyo yonse, mupeza gawo limodzi pa 1000. Chiwerengero chimenechi chikatuluka, dziwani kuti vidiyo ya 30 yalumikizidwa pa 29.97: mafulemu 7200 amene amayenera kutha pa masekondi 240 akutha pa 240.24. Mankhwala abwino ndi kulumikizanso mafulemuwo pa 30. Ngati munawafufuta kale, kokani mawu pang'ono n'kuwachedwetsa:

```
ffmpeg -i nkhope.mp4 -i mawu.wav -map 0:v -map 1:a -af "atempo=0.999,adelay=133:all=1" -c:v copy -c:a aac -b:a 192k yomaliza.mp4
```

Lamulo la atempo limasintha liwiro popanda kukweza kapena kutsitsa liwu, ndipo kusintha kochepa chonchi khutu silingakumve. Nambala yochepera 1 imatalikitsa mawu, yoposa 1 imawafupikitsa. Lamulo la adelay limaika kachetechete koyambirira. Ngati mawu ndi amene atsalira, chotsani adelay ndipo lembani -ss 0.133 patsogolo pa -i mawu.wav kuti mudule kachidutswa koyambirira. Mukafuna kuyesa musanalembe lamulo, tsegulani vidiyo mu VLC pa kompyuta: mabatani a j ndi k amasuntha mawu ndi mamilisekondi 50 mukadina kamodzi, ndipo e amasuntha fulemu imodzi kutsogolo.

Koma mukapeza zoti koyambirira ndi 4, pakati ndi 12, kumapeto ndi 9, atempo sangakuthandizeni. Kudumphadumpha koteroko ndi kwa liwiro losakhazikika la foni, kapena pulogalamu inataya mafulemu. Bwererani pa gawo lachiwiri, khazikitsani liwiro, musinthenso nkhope. N'zopweteka kudikiranso kompyuta maola angapo, komabe ndi ntchito yaifupi poyerekeza ndi kudula mawu m'tizidutswa makumi angapo. Ndipo ngati kusiyana kuli kwakukulu kwambiri, masekondi pafupifupi asanu pa mphindi iliyonse, liwu n'kumveka lopyapyala kapena lonenepa, ndiye kuti mawu a 44100 Hz awerengedwa ngati a 48000 kapena mosinthanitsa.

5. Konzani chiganizo ndi chiganizo

Nthawi ya vidiyo yonse ikakhala bwino, chotsala ndi kusiyana kwa anthu awiriwo. Mphwake uja akhoza kukhala kuti anafulumira pa "mbatatesi" n'kuchedwa pa "Lizulu". Dulani mawu pa malo opumira, chiganizo chilichonse chikhale kachidutswa kake, ndipo sunthani kalikonse kuti kutsekeka koyamba kwa milomo kugwirizane. Kenako pitani pa kutsekeka komaliza. Ngati pasiyana fulemu imodzi, siyani. Ngati pasiyana awiri kapena kuposerapo, mufunika kukoka kapena kufupikitsa penapake pakati.

Malo okokera asankheni mosamala. M'Chichewa, pamene munthu akufika popumira, mbali yachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu imatalika yokha. Nenani "pa Lizulu" mumve mmene "zu" akukokekera, kapena "pha" pa "a Mphatso". Pamenepo ndi pamene mungawonjezere kapena kuchotsa mamilisekondi 40 mpaka 60 popanda womvera kudabwa, chifukwa aliyense amakoka pamenepo mwa njira yake. Mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, sankhani kambaliko kokha n'kugwiritsa ntchito Change Tempo, osati Change Speed and Pitch, yomwe imasintha ndi liwu lomwe. Musakoke pa kansonga ka p kapena t, kamamveka kawiri. Chiganizo chonse mungachisinthe ndi magawo 5 pa 100 osamveka, koma mukayandikira 10 liwu limayamba kunjenjemera ngati la wailesi yotha mabatire, ndipo pamenepo kuli bwino kupempha mwini mawu kuti abwereze chiganizocho akuonera vidiyo.

M'mipata imene mwatsegula podula musasiye chete weniweni. Jambulani masekondi 30 a phokoso wamba la pamalo pamene munajambulira sewerolo, popanda wolankhula, muliike pansi pa mawu onse motsika. Limabisa podula, komanso limachititsa kuti mawu ojambulidwa m'chipinda ku Joni amveke ngati akuchokera pakhonde la ku Bembeke. Mpweya wokoka musauchotse. Mapewa akakwera pa chithunzi, kupumako kuzimveka.

Onaninso zimene pulogalamu yosintha nkhope yachita pakamwa. Ikani vidiyo ya mphwake yosasinthidwa pambali pa yosinthidwayo, pa fulemu ya "mba". Nthawi zina koyambako milomo yatsekeka ndithu, koma pa yosinthidwayo patsala kampata, kapena mano asanduka kachinthu koyera kopanda mizere. Zimachitika chifukwa mapulogalamu ambiri amapanga nkhopeyo pa kachithunzi kakang'ono, ena madontho 128 m'litali ndi m'lifupi, kenako n'kukakulitsa. Ngati pulogalamu yanu imalola kusankha mbali za nkhope zoti zisinthidwe, chotsanipo m'kamwa kuti mano ndi lilime zikhale za wojambulidwa weniweniyo. Kwa anthu apachibale ofanana pakamwa, mungasiye ndi milomo yomwe.

6. Pulogalamu yopanga milomo, pa ziganizo zokanika zokha

Pamakhala ziganizo zimene kukoka sikungathandize, monga pamene mphwake ananena "afika" pomwe mawu akuti "abwera". Pa "bwe" pafunika milomo yotseka yomwe pa chithunzi palibe. Apa ndi pamene pamafunika pulogalamu yojambula pakamwa patsopano motsatira mawu. Yodziwika kwambiri ndi Wav2Lip, imene inatuluka mu 2020 kuchokera kwa akatswiri a ku sukulu ya ukachenjede ya IIIT Hyderabad m'dziko la India. Inaphunzitsidwa ndi mavidiyo a Chingerezi a mafulemu 25 pa sekondi, koma imatsatira kamvekedwe ka mawu osati tanthauzo, ndiye pa Chichewa imagwiranso. Eni ake analoleza kuigwiritsa ntchito pa kafukufuku ndi zinthu zosachita nazo malonda, choncho ngati sewerolo ndi logulitsa, werengani kaye malamulo ake.

Dulani chiganizo chokanikacho, chithunzi ndi mawu zikhale zotalika mofanana, chifukwa mawu akatalika pulogalamuyi imabwereza mafulemu kuyambira poyamba ndipo mutu umadumpha. Ipatseni mawu oyera, opanda nyimbo kapena phokoso lapansi lija, apo ayi milomo izigwedezeka munthu ali chete.

```
python inference.py --checkpoint_path checkpoints/wav2lip_gan.pth --face chidutswa.mp4 --audio chidutswa.wav --pads 0 20 0 0 --outfile zotsatira.mp4
```

Manambala anayi a --pads amawonjezera malo kumtunda, kumunsi, kumanzere ndi kumanja kwa nkhope. Wachiwiriyo ndi amene amaonetsetsa kuti chibwano chonse chalowa. Akachepa, milomo imayenda chibwano chili chilili, ndipo pamatuluka mzere wopingasa pansi pa mlomo. Mukaona pakamwa pawiri kapena pakamwa posunthira pambali, wonjezerani --nosmooth. Ikakana n'kulemba kuti Face not detected, pali fulemu imene nkhope yabisika kapena yatembenuka kwambiri, ndiye dulani chidutswacho fulemuyo isanafike.

Ife timaona kuti ndi bwino kusintha nkhope kaye, milomo pambuyo, chifukwa kusintha nkhope kumafewetsa kutsekeka kwa milomo kumene mwavutikira. Koma zotuluka musazitenge zonse. Wav2Lip imagwira pa kachithunzi ka madontho 96 m'litali ndi m'lifupi, ndiye nkhope imatuluka yosawala bwino, ndipo nthawi zina mtundu wa khungu umasiyana n'kuoneka kabokosi kuzungulira nkhope. Mu pulogalamu yodulira, ikani vidiyo yosinthidwa nkhope pansi, ya milomo yatsopano pamwamba, ndipo ya pamwambayo muidule mozungulira ngati dzira kuyambira pansi pa mphuno mpaka pachibwano, m'mphepete mwake mofewetsedwa. Maso ndi chipumi zikhale za pansi. Mapulogalamu owalitsa nkhope monga GFPGAN ndi CodeFormer amathandiza, koma amakonza fulemu iliyonse payokha, choncho mukawapatsa mphamvu zonse mano amasintha kaonekedwe fulemu ndi fulemu n'kumaphethira. Aikeni pa theka kapena kucheperapo. Ngati chiganizocho chikukanabe, onetsani nkhope ya womvetsera kapena matumba a mbatatesi pamene mawuwo akumveka, kenako mubwerere kwa wolankhula pa chiganizo chotsatira.

7. Kuyesa komaliza

Tulutsani vidiyo pa liwiro lomwe munayamba nalo, mawu ali pa 48000 Hz. Ionereni koyamba mutatseka mawu, mukuwerenga milomo: pa chiganizo cha a Mphatso chija muyenera kuwerenga kutsekeka kokwana 7. Ionereninso pa theka la liwiro mawu ali otsegula, kenako pa liwiro lake. Pomaliza itumizeni pa foni ina kudzera njira imene anthu adzailandirire, chifukwa WhatsApp ndi Facebook zimafinyanso vidiyo, ndipo foni yofooka ikhoza kuchedwa kuonetsa zithunzi mawu akupitirira. Yezani malo atatu aja pa fayilo yobwerayo. Ngati pa kompyuta zili bwino koma pa foniyo mawu akutsogola, tulutsaninso yocheperako, ya 720 m'malo mwa 1080, muyesenso. Amene akuyesa akhale munthu wolankhula Chichewa yemwe sanaonepo vidiyoyo, ndipo musamuuze ziganizo zimene munakonza. Paliponse pamene waloza, bwererani pa mzere wa mawu mukawerenge mafulemu.